Masamba a Kunsonga

Mtengo wa manachesi unayamba kuyezuka kunsonga, ndipo woyamba kuuona sanali Nambande. Anali Bambo, amuna ake, omwe ankakhala pansi pa mtengowo tsiku lonse pa njinga yawo ya olumala, bulangete lili m'mawondo. Koma kuona kwa Bambo kunalibenso phindu. Chigwereni sitiroko, mbali yamanja inauma, pakamwa panapotoka, ndipo mawu onse omwe ankagulitsira mbande kwa zaka zambirimbiri anathawa. Kunatsala kamvekero kamodzi ka kukhosi, komwe kankatanthauza madzi, chimbudzi, zikomo ndi mkwiyo womwe.

Dzina la Nambande analipeza pa ntchito. Amuna ake anali katswiri womezanitsa mitengo ya zipatso, ndipo iye ndiye ankadzaza dothi m'machubu, kuthirira ndi kunyamulira ogula mbande mpaka pageti. Mpeni womezanitsira sanaugwirepo, chifukwa Bambo ankati manja ake ndi achangu kwambiri. Mbande zonse za manachesi zomwe zinatuluka pabwalolo zinachokera ku mtengo umodzi womwewo. Bambo ankadula timaso pa nthambi zake n'kutimezanitsa pa mbande za mandimu, ndipo ankautcha kuti mayi wa nazale. Panopa shedi inali itagwa, machubu anatha kugulitsidwa, ndipo pa ntchito yonse ija panatsala mtengowo basi.

Pamalo pa shedi panali pa Chikombole, mng'ono wawo wa Bambo. Anabwera matenda atangogwa, ndi wilibala, mafosholo ndi chikombole choumbira mabuloko a simenti, chomwe chinamupatsa dzinalo. Musamuyese munthu woipa. Anali wamwano ndithu, woseka mokweza pamalo posafunika, koma ndiye ankagula chakudya ndi mankhwala a pakhomopo. Ndiye ankanyamula mkulu wake m'mawa uliwonse kuchoka pabedi kupita kubafa, thupi lolemera ngati thumba la mchenga wonyowa, lomwe Nambande sakanalidzutsa yekha ngakhale atalira bwanji. Mwana wamkazi wa Nambande ndi Bambo anakwatiwa kutali, ndipo ankangoimba foni.

Nambande anazindikira za masambawo tsiku lina akuwapukuta Bambo kukamwa. Dzanja lawo lamanzere linali m'mwamba, likuloza nthambi, ndipo ankabuula mosalekeza. Atayang'ana anaona kuti mphukira zonse zatsopano zinali zachikasu, koma mitsempha ya tsamba lililonse inali yobiriwira, yoonekera bwino ngati ukonde. Masamba akale a m'munsi anali obiriwira bii, ngati palibe chachitika.

Chikombole naye anabwera, akupukuta manja pa ovolosi.

"Alamu, mtengo uwu wapita," anatero. "Ndi matenda aja a malalanje, alibe mankhwala. Tidule msanga, ndipezeko poyanika mabuloko. Lole ikuvutika kulowa chifukwa cha mtengo womwewu."

Bambo anamenya chogwirira cha njinga ndi chikhatho mpaka bulangete linagwa.

"Mwamva yankho la akulu anu," anatero Nambande.

"Akuluwa akukana chilichonse, ngakhale sopo amakana. Chabwino, tipangane. Ukabiriwira mvula isanagwe, sindiukhudza. Ukapanda kubiriwira, nkhwangwa."

Nambande anagwada n'kutola bulangete. Anawauza amuna ake motsitsa mawu kuti asadandaule, mtengo uchira, iye auchiza. Analonjeza ngati munthu wodziwa, pomwe mumtima munali zii.

Komabe chinachake ankachikumbukira. Chaka china mbande za m'machubu zinachitapo chikasu pakati pa mitsempha, ndipo Bambo anagula mchere woyera wotchedwa Epusomu, anausungunula m'madzi n'kupopera. Mbandezo zinachira. Nambande anafufuza m'kachipinda ka zida mpaka anapeza paketi yotsala, itauma gwa ngati mwala. Anaiphwanya ndi nyundo, nasungunula mu mpope wopopera, ndipo madzulo ake anapopera mtengo wonse.

Bambo anabuula nthawi yonse yomwe ankapopera. Anagwira nthambi yam'munsi ndi dzanja lawo lamoyo, kuigwedeza, kuisiya, kenako kuloza kumwamba. Anabwereza kangapo, malovu akutsika pachibwano.

"Ndaona, Bambo, ndaona. Kumwambako ndipoperanso kwambiri," anatero Nambande, nakwera pa mpando kuti afikire nsonga.

Chikondi chikasowa chochita chimathirira. Nambande anayamba kuuthirira mtengowo m'mawa ndi madzulo, mpaka patsinde panasanduka chithaphwi. Pofuna kusunga madzi a pampopi, ankatunga mu diramu ya Chikombole, momwe ankatsukiramo mafosholo ndi chikombole. Ankati madzi ndi madzi, kuyera pang'ono kulibe kanthu. Ataona nyerere patsinde anathirapo phulusa la pambaula, lambiri ndithu, monga ankachitira mayi ake m'munda wa ndiwo zamasamba. Mayi woyandikana naye nyumba anamuuza kuti akhomere misomali yadzimbiri pathunthu, koma apo pokha anakana.

Masabata anadutsa. Mphukira zotsatira zinatuluka zazing'ono, zoyera ngati pepala, ndipo zina zinapsa m'mphepete n'kuthothoka. Tinthambi ta kunsonga tinayamba kuuma. Bambo anasiya kuloza. Ankangokhala mutu uli pansi, ndipo chakudya ankachikankha ndi lilime. Izi ndi zomwe zinamuopsa Nambande kuposa masamba. Ankaona ngati mtengo ukapita, munthuyu sadzaonanso chifukwa chotsegulira pakamwa.

Paketi itatha anapita ku sitolo ya zaulimi ya pafupi ndi siteji ya basi kuti akagule ina. Kuseri kwa kauntala kunali mtsikana wovala magalasi, yemwe Nambande anamuyang'ana ndi diso lokayika, poti zikhadabo zake zinali zopaka utoto.

"Mchere wa Epusomu, waukulu," anatero Nambande.

"Ndi wa chiyani, amayi? Wosambira kapena wa mbewu?"

"Wa mtengo. Masamba achita chikasu, mitsempha yokha ndiyo yobiriwira."

"Masamba ati? Akale kapena atsopano?"

Nambande anakwiya pang'ono. Anati masamba ndi masamba, iye wakhala mu nazale kuyambira mtsikanayo asanabadwe. Mtsikanayo sanabweze mwano. Anangoti mcherewo augulitsa ngati akuufuna, koma ndi bwino abwere kaye ndi nthambi yathunthu, kuyambira kunsonga mpaka masamba akale, komanso dothi la patsinde lodzaza kapu.

Anabwerera masana omwewo, nthambi ili m'jumbo. Mtsikana uja anaiyala pa kauntala n'kuyendetsa chala kuchokera pansi kupita pamwamba.

"Onani, amayi. Akalewa ali bwinobwino. Odwala ndi ana okhaokha. Uku si kusowa maginiziyamu wa mu mchere mukufunawu, ndi kusowa ayironi, chakudya china cha mtengo."

"Koma amuna anga anachiza ndi mchere womwewu. Ndinaona ndi maso angawa."

"Nthawi imeneyo anayamba kuyezuka ndi masamba ati?"

Nambande anatseka maso. Anaona shedi ija, mizere ya machubu, ndi iye mwini atawerama akutola masamba achikasu omwe anagwa pansi pa mbande. Anali am'munsi. Nsonga zinali zobiriwira. Anamuuza mtsikanayo zimenezo.

"Ndiye anachita bwino," anatero mtsikanayo. "Maginiziyamu amayenda mu mtengo. Akachepa, mtengo umalanda m'masamba akale n'kupatsa atsopano, ndiye akale ndi omwe amayezuka. Pamenepo mchere wa Epusomu umathandiza. Koma ayironi akalowa m'tsamba sachokamo. Akasowa, tsamba lobadwa kumene ndi lomwe limavutika. Mungathire mchere thumba lonse, palibe chingasinthe."

Nambande anakumbukira dzanja lija likugwedeza nthambi yam'munsi n'kuloza kumwamba. Munthuyo ankamuuza zomwezi tsiku ndi tsiku, iye n'kumayankha kuti waona. Anamva manyazi ndi chisoni nthawi imodzi, ndipo anagwira m'mphepete mwa kauntala.

"Nanga si matenda aja opanda mankhwala?" anafunsa.

"Aja amapanga mawangamawanga osalingana, mbali iyi ya tsamba kusiyana ndi inayo. Awa alingana bwinobwino. Koma tiyeni tione dothi, chifukwa kawirikawiri ayironi amakhala alimo, kungoti mizu ikulephera kumutenga."

Anathira dothi pang'ono m'mbale n'kudonthezapo viniga. Dothilo linachita thovu, likulira kuti tsss. Lina analisakaniza ndi madzi a m'botolo n'kuviikamo kapepala, komwe kanasintha mtundu n'kukhala kobiriwira moderako. Anafanizira ndi mitundu ya pa kabokosi ndipo anapukusa mutu.

"Dothi ili ladzaza laimu. Mukamakhala laimu wochuluka chonchi, ayironi amamangika, mizu siingamumwe. Mwathirapo chiyani? Laimu? Phulusa?"

"Phulusa, ee. Chifukwa cha nyerere."

"Lekani. Nanga pafupi pali zomangamanga? Simenti?"

Nambande anafotokoza za mabuloko, za fumbi lomwe limayeretsa mawindo, za madzi othirira mabuloko omwe amatsetsereka kulowera ku mtengo chifukwa bwalo linapendekera komweko, ndi za diramu ija.

"Mwauthirira madzi otsukira simenti?" Mtsikanayo anavula magalasi. "Kangati pa sabata?"

"Kawiri pa tsiku."

"Mayo ine. Ndiye mizu ikumiranso. Mizu yomira siimwa ayironi ngakhale dothi litakhala labwino."

Anamupatsa zinthu zitatu. Choyamba chinali ufa wobiriwira motuwa, ayironi wopopera masamba, woti asungunule pang'ono kwambiri monga zalembedwera pa paketi, n'kupopera dzuwa litapepa kuti masamba asapse. Anati uwu ndi wongotsitsimutsa, sufika ku masamba omwe sanabadwe. Chachiwiri chinali ufa wofiira moderako, wodula kuposa zonse, ayironi wokutidwa mwanjira yoti laimu asamugwire, wosungunula n'kuthira pansi mozungulira mtengo pomwe pamathera nthambi. Chachitatu chinali salufa wachikasu wochepetsa mphamvu ya laimu, wosakaniza ndi dothi la pamwamba pamodzi ndi kompositi, koma anachenjeza kuti ameneyu amagwira ntchito pang'onopang'ono, miyezi ndi miyezi.

"Ndipo ndikuuzeni zoona, amayi," anawonjezera. "Wofiirayu autsitsimutsa mtengo. Koma ngati simenti ikhale ikulowabe m'dothi, muzidzabwera kuno chaka ndi chaka, ndipo salufayo sangapambane. Chofunika ndi kuchotsa gwero."

Nambande anagulitsa mpope wawo wachiwiri ndi mapaipi otsala a mu shedi kuti zonse zitheke. Anapala phulusa lija ndi zidutswa za mabuloko zomwe zinapondedwera m'dothi, mosamala kuti khasu lisadule mizu ya pamwamba. Anakumba kangalande kopatutsa madzi a Chikombole kupita kumpanda. Anasiya kuthirira mpaka dothi linauma pamwamba, ndipo atayambiranso ankathira madzi a pampopi okha, mwa apo ndi apo. Pothira ufa wofiira uja, madzi ake anaoneka ngati magazi, ndipo Chikombole anaseka mpaka kukhala pansi.

"Alamu, mwayamba zamankhwala achikuda? Mwapha nkhuku ya ndani?"

Bambo sanabuule. Anayang'ana keni yothirira, anayang'ana mkazi wawo, ndipo dzanja lawo linakhala phee pa bulangete. Madzulo amenewo anadya chakudya chonse.

Masamba opoperedwa anayamba ndi timadontho tobiriwira, paliponse pomwe dontho linagwera, moti ankaoneka ngati ali ndi nthomba. Chikombole anati mtengo wayamba chikuku. Oyera kwambiri aja sanabwererenso, anangothothoka. Nambande ankadzuka m'mawa uliwonse kukayang'ana timaso ta pa nthambi, mitambo ikuunjikana kum'mawa. Ndipo tsiku lina timaso tinaphulika. Timasamba tinatuluka tofewa, tonyezimira, tobiriwira mopepuka ngati mwa masamba onse aang'ono, koma mtundu wake unali umodzi kuyambira pa mtsempha mpaka m'mphepete. Patapita masiku tinakula n'kuda bwinobwino, mvula isanagwe.

Anamuitana Chikombole kuti adzaone. Iye anabwera pang'onopang'ono, anayang'ana nthawi yaitali, ndipo sanaseke.

"Mwapambana, alamu. Ine ndinanena, ndipo sindibweza mawu. Mtengo sindiukhudza."

Anakhala pa mulu wa mabuloko n'kuvula chipewa. Anati pali nkhani yomwe wakhala akuisunga. Wapeza oda yaikulu, ya kontilakitala womanga nyumba zambiri, ntchito yoti ingawadyetse chaka chonse ndi kupitirira. Koma pafunika kuwaka konkire pabwalo ponse poyanikira, ndi njira yoti lole yaikulu izilowa mpaka mkati. Pakati penipeni pa njirayo panali mtengo.

"Ndiye poti mtengo ukhala, ine ndisamuka. Kuli malo kutsidya kwa tauni, pafupi ndi pokumba mchenga. Ndizigona konko, chifukwa mabuloko osawalondera amamera miyendo. Lendi ya kumeneko idya zambiri, alamu, sindikunamizeni. Ndizibwera Lamulungu ndikapeza mpata."

"Nanga kungodulira nthambi za mbali ya njira?"

"Thunthu lili pa njira. Ndayeza ndi chingwe kangapo konse. Ndipo inu nomwe munati simenti ndiyo ikuupha. Ndikawaka konkire mozungulira, muziuthira magazi anu aja mpaka liti?"

Sankanena mwachipongwe, ndipo izi ndi zomwe zinapweteka. Akanakhala kuti akuopseza, Nambande akanamutukwana, mtima n'kukhala pansi. Koma anali munthu wotopa yemwe ankanena zoona, maso ali pa nsapato zake zoyera ndi simenti.

M'mawa mwake Chikombole analawirira kukaona malo aja. Nambande anaganiza zoyesa kuwadzutsa Bambo yekha. Anakokera njinga pafupi ndi bedi, anakoleka dzanja la Bambo pakhosi pake, nawerenga mumtima n'kudzuka. Anafika nawo pakati, msana unachita kuti thwa, mwendo wouma uja unapindika, ndipo onse awiri anagwera pansi pakati pa bedi ndi khoma. Bambo sanavulale, koma anadzinyowetsa. Anagona pa simenti yozizira maso ali kudenga, misozi ikutsikira m'makutu, ndipo Nambande anakhala pambali pawo atawatsamiritsa mutu pamwendo, osatha kuwadzutsa, osafuna kuitana oyandikana nawo kuti adzaone katswiri wa nazale ali chomwecho. Anakhala pomwepo mpaka dzuwa linafika pawindo ndipo geti linalira.

Chikombole anawanyamula akulu ake ngati mwana, anakawasambitsa, anawaveka, n'kuwakankhira pansi pa mtengo monga mwa masiku onse. Pobwerera anamupeza Nambande akukolopa m'chipinda.

"Malo aja musalipire," anatero Nambande osadzutsa mutu.

"Alamu, ganizani bwino. Ine sindinakukakamizeni."

"Ndaganiza. Bwerani ndi anthu a sowo yodulira mitengo mawa. Koma ndiwauze ndekha."

Tsiku lonse anazungulira osawauza. Anachapa, anasesa, anakonza m'kachipinda ka zida momwe munalibe chokonza. Anaganizapo zodula timaso kuti amezanitse, koma panalibe mbande ya ndimu ngakhale imodzi yoti alandire, ndipo manja omwe ankadziwa ntchitoyo anali pa bulangete. Madzulo anakoka mpando n'kukhala pafupi ndi njinga. Ananena zonse mosazungulira: za oda, za lole, za kusamuka, ndi za m'mawa uja. Anati analonjeza kuuchiza mtengowo ndipo wauchiza, koma kuusunga sangathe, chifukwa sangathe kuwanyamula.

Bambo sanamenye chogwirira. Anayang'ana m'mwamba nthawi yaitali, kenako anatambasula dzanja. Nambande anakwera pa mpando, nathyola kanthambi ka kunsonga kwenikweni n'kuwapatsa. Bambo anakabweretsa pafupi ndi maso, anatembenuza tsamba ndi chala chachikulu, analiyang'ana kudzuwa monga ankachitira ogula asanafike. Anagwedeza mutu kamodzi, kuvomereza ntchito. Pa zaka zonse za mu nazale sanamugwedezerepo mutu chomwecho, ndipo Nambande analira mokweza, osasamala kuti kumpanda kuli makutu.

Anthu a sowo anafika m'mawa, awiri, ndi makina awo onunkha petulo. Chikombole anafuna kuwasiya akulu ake m'chipinda chakumbuyo wailesi ikulira, koma Bambo anakakamira chitseko ndi dzanja lamanzere mpaka anawatulutsa pakhonde. Wamkulu wa anthu aja anazungulira mtengo, anamenya thunthu ndi chikhatho, nayang'ana nsonga zobiriwira.

"Koma mtengo wathanzi chonchi, mayi? Sukudwala ngakhale pang'ono. Mukuduliranji?"

Nambande anaima kumbuyo kwa njinga, manja ake ali pa mapewa a amuna ake.

"Unadwala, unachira," anatero. "Dulani."